Fielder ziwiri za 2010: ya makilomita 212,000 ndi ya makilomita 68,000

Mayi wina, mphunzitsi wokhala ku Area 25 mu Lilongwe, anafuna galimoto yopitira kuntchito komanso yokaonera makolo ku Kasungu mwezi ukatha. Anapeza Toyota Corolla Fielder ziwiri zogulitsa, zonse za 2010, zonse za injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo zonse zinalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan zaka zingapo zapitazo. Yoyera inali itayenda makilomita 212,000. Yasiliva inali pa 68,000 chabe, ndipo mwini wake amafuna ndalama yoposa ya yoyerayo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Achibale onse anali atagamula kale kuti yasilivayo ndiye galimoto. Mayiwa anangofuna kuti makaniko aziwone kaye asanapereke ndalama ya ngongole yomwe adzakhala akudulidwa kwa zaka zitatu.

Makanikoyo ndine, ndipo ndalemba zomwe tinapeza chifukwa funso loti kodi galimoto ya makilomita ochepa ndiyo yabwino nthawi zonse limabwera pagalaja pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nthawi zambiri limabwera ndalama itapita kale.

Tinayamba ndi kutsimikiza ngati manambala a pa dashibodi ali oona. Kubweza mayileji n'kofala, ndipo popanda kutsimikiza zimenezi kufananiza konse n'kutaya nthawi. Galimoto ya ku Japan imapita kukayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo satifiketi yotulutsira galimoto kunja imaonetsa makilomita omwe analembedwa pa kuyesedwa komaliza. Ya yasiliva inaonetsa 41,000. Labala wa pa pedulo ya buleki anali asanaperepeseke, chiwongolero chinali chisanasalale, mpando wa dalaivala unali usanaphwe m'mbali. Zonse zimagwirizana. Makilomita 68,000 aja anali enieni, ndipo mfundoyi ndi yofunika, chifukwa zomwe zikutsatirazi si nkhani ya galimoto yobwezedwa mita. Ndi nkhani ya galimoto yoyenda pang'ono moona, koma yosasamalidwa.

Mbiri ya galimoto ziwirizi inali yosiyana kwambiri. Yoyera inali ya bambo wina wogulitsa katundu wa kampani, amene moyo wake wonse unali pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 300 kupita kokha. Anabwera ndi envulopu yodzaza malisiti ndi kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi ntchito yomwe yagwiridwa. Oyilo ndi fyuluta amasintha pa makilomita 5,000 aliwonse. Yasiliva inkayenda kuchokera kunyumba kupita ku ofesi, mtunda wosakwana makilomita asanu, kenako inaima pansi pa mtengo kwa chaka ndi miyezi mwini wake atapita kunja. Malisiti panalibe. Kastika ka sevisi ka pa chitseko kanaonetsa kuti oyilo anasinthidwa komaliza pa 52,000, zaka zitatu zapitazo. Wogulitsayo, mchimwene wa mwini galimoto, ananena mosabisa kuti, "Amakaniko, imeneyi sinavutepo. Oyilo akatsika timangothiramo wina." Iye amaona ngati akuyamikira galimotoyo.

Malisiti nawo sindiwakhulupirira chifukwa choti alipo. Ndimaona ngati masiku ndi makilomita akukwera motsatana, ngati mapepalawo akalamba mosiyana, komanso ngati chomwe chalembedwa chikuoneka pa galimotopo. Lisiti lina linati pampu ya madzi inasinthidwa pa 180,000, ndipo nditaunika ndi tochi pampuyo inaonekadi yatsopano kuposa zitsulo zoizungulira. Kuyambira pamenepo envulopu ija ndinayamba kuilemekeza.

Galimoto zonse ndinapempha kuti zigone pagalaja kuti ndidzazilize m'mawa injini zili zozizira. Wogulitsa akakubweretserani galimoto yotentha kale, theka la zomwe mukanamva labisika. Yoyera inalira kamodzi, nyali ya oyilo inazima nthawi yomweyo, injini n'kukhazikika. Yasiliva inachita phokoso la zitsulo, kwe-kwe-kwe, kwa masekondi atatu kapena anayi, ndipo nyali ya oyilo inachedwa kuzima. Phokoso limenelo limachokera kumbali ya tcheni. Injini ya 1NZ-FE ilibe lamba wa taimingi, ili ndi tcheni, ndipo chomwe chimakunga tchenicho chimadalira pulesha ya oyilo. Giya ya VVT-i ya pa kamushafuti, yomwe imasintha nthawi yotsegukira mavavu, nayonso imayendetsedwa ndi oyilo. Oyilo akachedwa kufika kumtunda, zonsezi zimagubuduka zouma kwa kanthawi, ndipo zimatero m'mawa uliwonse.

Titatsegula chivundikiro chothirira oyilo, kusiyana kunaonekera poyera. M'kati mwa yoyera zitsulo zinali zofiirira ngati uchi, zoyera bwino, moti umatha kuona mizere ya pa kamushafuti. Mwa yasiliva, kunsi kwa chivundikirocho kunali phala lakuda lomata. Ndinapempha chilolezo chochotsa kavala yonse ya pamwamba pa injini, n'kulonjeza kuti gasiketi yatsopano tigula ife. Pansi pake panali zokhetsa misozi. Phala lija linali litaundana m'makona monse ngati nkhoko za pansi pa mphika, kwina louma moti limatheka kupalidwa ndi sikuludilaiva, ndipo mabowo omwe oyilo amabwererera ku sampu anali atachepa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye ndifotokoze bwino momwe injini yoyenda pang'ono imafikira pamenepa. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ina imadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa mu oyilo limodzi ndi petulo wosapsa ndi mwaye. Pa ulendo wautali oyilo amatentha mokwanira kwa nthawi yaitali, madzi ndi petulo uja n'kuuluka. Pa ulendo wa makilomita anayi, injini imazimitsidwa oyilo asanatenthe n'komwe. Madziwo amatsalira, mawa n'kuwonjezekera ena, ndipo akasakanikirana ndi zotsalira za utsi amapanga asidi ndi phala. Mankhwala omwe amaikidwa mu oyilo kuti azitsuka ndi kulimbana ndi asidi amatha mphamvu, kaya galimoto ikuyenda kaya ayi. N'chifukwa chake sevisi imawerengedwa pawiri, makilomita kapena miyezi, chomwe chayamba kukwana. Kuthiramo oyilo watsopano pamwamba pa wakale kumakweza mzere pa dipisitiki, koma zoipa zija sizituluka, ndipo fyuluta ikadzaza, kavavu kake kamatseguka oyilo n'kumadutsa osasefedwa.

Onjezani apo kuti injini imadyeka kwambiri mphindi zoyambirira ikangolizidwa ili yozizira. Bambo wa pa M1 uja ankaliza injini kamodzi n'kuyenda makilomita 300 ili pa kutentha kwake koyenera, pa liwiro lokhazikika. Kuti yasiliva ikwanitse makilomita 300 omwewo inkalizidwa yozizira kambirimbiri, mwina ka 60 kapena kuposa. Mita ya pa dashibodi imawerenga zonsezi mofanana, koma kwa mabeyaring'i ndi maring'i si zofanana ngakhale pang'ono.

Maso okha sakwanira, choncho tinayeza. Kompuresheni timayeza injini itatentha, mapulagi onse anayi atachotsedwa, pedulo ya moto itapondedwa mpaka pansi. Buku la Toyota la injini imeneyi limapereka 15 kgf/cm² ngati muyezo wabwino, 11 ngati malire otsikitsitsa, ndipo kusiyana pakati pa masilinda kusapitirire 1. Koma Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye geji imawerenga motsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Injini yabwinobwino kuno imaonetsa cha m'ma 13.5, ndipo amene sadziwa zimenezi akhoza kuinyoza injini yopanda vuto. Pa chifukwa chimenechi ine ndimayang'ana kwambiri kusiyana kwa masilinda kuposa nambala yeniyeniyo.

Yoyera inapereka 13.5, 13.5, 13 ndi 13.5. Yasiliva inapereka 12.5, 12, 10.5 ndi 12.5. Silinda yachitatuyo inatsalira ndi 2, kuwirikiza kawiri malire ololedwa. Tinathiramo oyilo pang'ono, wokwana sipuni yaing'ono, kudzera pa bowo la pulagi, n'kuyezanso. Nambala inakwera kufika pa 13. Oyilo amatseka kwakanthawi mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda, ndiye nambala ikakwera chonchi mpweya ukuthawira pa maring'i. Ikanapanda kusintha tikanakayikira mavavu kapena gasiketi ya hedi. Pa injini ya makilomita 68,000 maring'i sakhala atatha ndi kuyenda. Amakhala atamatirira m'mizere mwawo chifukwa cha kaboni. Nthawi zina amamasuka, nthawi zina khoma la silinda limakhala litakandika kale, ndipo kuti udziwe ndi kutsegula injini basi.

Kenako pulesha ya oyilo. Tinachotsa switchi ya nyali ya oyilo n'kumangapo geji yeniyeni, chifukwa nyali ya pa dashibodi imayaka pokhapokha pulesha yatsikiratu. Injini itatentha, pa 3,000 rpm, buku limafuna pakati pa 1.5 ndi 5.6 kgf/cm². Yoyera inaima pa 3.2. Yasiliva inali pa 1.6, ikadali m'kati mwa malire koma pa mlomo penipeni. Pulesha yotsika chonchi ingachokere ku kasefa ka mu sampu kamene katsekeka ndi phala, zomwe zimatheka kutsuka, kapena ku mabeyaring'i a kilankishafuti amene adyeka, zomwe ndi ovaholo. Makina oyezera zolakwika anaonetsanso khodi ya `P0012` yosungidwa, kutanthauza kuti kamushafuti ya mavavu olowetsa mpweya ikutsalira m'mbuyo pa nthawi yake. Pa injini zimenezi pali kasefa kakang'ono kwambiri mu hedi kamene kamasefa oyilo wopita ku vavu ya VVT-i, ndipo ndi kamene kamayamba kutsekeka phala likachuluka. Zinthu zinayi zosiyana, phokoso la m'mawa, phala, pulesha ndi khodi, zonse zimaloza kumodzi.

Mu rediyeta ya yasiliva munali madzi a pampopi ofiira ndi dzimbiri. Galimotozi zimachoka ku fakitale ndi madzi a pinki a Toyota okhala ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo mankhwalawo amathanso ndi zaka. Matayala anali ndi mapanga akuya, okongola, koma manambala anayi a m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa anaonetsa kuti onse anayi apitirira zaka khumi, ndipo m'mbali mwake munali timing'alu. Tayala lotere ndi lomwe limaphulika masana a Okutobala pa msewu wa ku Kasungu. Kalipa ya buleki yakutsogolo kumanzere inali yomatirira, mafuta a mabuleki atada, batire litafa. Izi zonse ndi zotsatira za kuima, ndipo sizinandiopse kwenikweni. Zili ndi mtengo wodziwika, umagula n'kumanga.

Yoyera nayo siinali yopanda banga, ndipo sindinawabisire mayiwa. Mashoko akumbuyo amadontha. Mabushi a mikono yakutsogolo anali atang'ambika, ndipo pa mahampu pamamveka kugogoda. Beyaring'i ya gudumu lakumbuyo kumanja inkang'ung'udza kuyambira pa 70 km/h, phokoso lake likumasintha ukakhotetsa pang'ono. Mawunting'i ya injini yakumanja inali itakhala pansi. Mpando wa dalaivala unali wotopa, boneti yodzaza timabala ta miyala. Bamboyo ananena yekha kuti injini imadya pafupifupi theka la lita pakati pa sevisi ndi sevisi, zomwe pa makilomita amenewa sizodetsa nkhawa, ndipo kumbuyo sikunatuluke utsi wabuluu ngakhale titatsika chitunda n'kupondanso moto.

Chomwe chinandidetsa nkhawa pa yoyerayo ndi giyabokosi. CVT ilibe magiya osinthana ngati otomatiki wamba. Ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo lambayo ndi mapulewo amadyekadi ndi makilomita, ngakhale mwini wake akhale wosamala chotani. Apa ndiye pomwe mayileji ambiri ali ndi mlandu weniweni. Malisiti anaonetsa kuti mafuta ake anasinthidwa kawiri, komaliza pa 190,000, ndipo analemba kuti CVT Fluid TC, omwe ndi oyenera giyabokosi imeneyi. Ndinasangalala kuona zimenezo, chifukwa CVT zambiri zomwe zimafera m'manja mwathu zinathiridwa ATF, mafuta a otomatiki wamba, ndi munthu woganiza kuti mafuta ofiira onse ndi amodzi. Tinatulutsa pang'ono n'kuwaona pa pepala loyera: ofiirira, osanunkha kupserera, opanda tizitsulo tonyezimira. Pa msewu ndinainyamula pang'onopang'ono kuchoka poima kuti ndimve ngati ikunjenjemera, ndinakwera nayo chitunda tili anthu anayi ndikuyang'ana ngati singano ya rpm ikudumpha popanda liwiro kukwera, ndinaiika R itatentha kuti ndione ngati ikuchedwa kugwira. Zonse inakhoza. Komabe kukhoza lero sikutanthauza kuti yatsala ndi makilomita 100,000 ena. Palibe geji yomwe ingandiuze zimenezo.

Titakhala pansi ndi mayiwa ndinalemba mapepala awiri. Pa la yoyera, chilichonse chinali ndi mtengo wake pambali: mashoko awiri, mabushi, beyaring'i, mawunting'i, alaimenti. Zonse pamodzi zimakwana pafupifupi theka la ndalama yomwe akanapulumutsa posagula yasiliva. Pa la yasiliva, mizere yoyambirira inalinso ndi mitengo: matayala anayi, batire, kalipa, mafuta a mabuleki, kutsuka rediyeta, kutsitsa sampu. Koma pa mzere wa injini sindinathe kulembapo nambala imodzi. Ikhoza kukhala ntchito ya tsiku limodzi yotsuka sampu ndi tisefa tija, kenako kusintha oyilo pafupipafupi kangapo. Ikhozanso kukhala injini ina yathunthu. Ndipo yankho limadziwika galimoto itakhala kale yanu.

Mayiwa anafunsa funso lomwe ambiri amafunsa: "Nanga mankhwala otsukira injini aja, sitingangothira n'kuthana nazo?" Pa injini yakuda pang'ono amathandiza. Pa injini ya phala lochindikala chonchi ndimawakana. Amamasula zidutswa zikuluzikulu nthawi imodzi, zidutswazo n'kutsikira mu sampu, n'kukatseka kasefa komwe pampu imakokera oyilo. Galimoto imachoka pagalaja ikulira bwino, n'kukagogoda mabeyaring'i pa Mponela. Phala lotere limachotsedwa ndi manja, sampu ndi kavala zitamasulidwa, ndipo ngakhale utatero zomwe zinadyeka kale sizibwerera.

Ndinawalangiza kuti atenge yoyera. Chifukwa changa sichinali choti makilomita ambiri ndi abwino. Chinali choti zowonongeka za yoyera zinali kunja, zooneka ndi maso, zomangidwa ndi mabawuti, pamene za yasiliva zinali m'kati mwa chinthu chodula kwambiri pa galimoto yonse, ndipo pamwamba pake amafunanso kuti alipire ndalama yowonjezera chifukwa cha nambala ya pa dashibodi. Munthu wa ngongole ya kubanki angathe kukonzekera mashoko. Injini yofa mwezi wachitatu ingamuimitsire galimoto chaka chonse uku akudulidwabe malipiro.

Chigamulochi chikanatembenuka zinthu zina zikanakhala mosiyana, ndipo ndaziwonapo zikutembenuka. Yasiliva ikanakhala kuti inangoima, oyilo wake ali wakale koma pansi pa kavala pali poyera, kompuresheni ili yofanana, ndikanaisankha mosazengereza, chifukwa matayala, batire ndi mafuta onse atsopano zikanaibwezeretsa, ndipo giyabokosi yake ikanakhala ndi moyo wautali kutsogolo kuposa ya inzake. Kunyalanyaza kwa kuimika galimoto n'kosiyana ndi kunyalanyaza kwa kuiyendetsa ndi oyilo wakufa. Yoyera nayo ikanagwa pomwepo ikanapezeka kuti inatenthapo mpaka kuwira. Hedi ya aluminiyamu ikapindika ndi kutentha, malisiti a oyilo sathandiza kanthu. Ndinayang'ana thovu mu rediyeta injini ikulira, ndinafinya paipi yakumtunda m'mawa kuti ndione ngati yagona ndi pulesha, ndinayang'ananso ngati hedi inatsegulidwapo. Panalibe chizindikiro. Ikanagwanso ikanakhala kuti makilomita akewo inawapeza pa ntchito ya takisi m'tauni, kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, kapena m'misewu yafumbi ndi fyuluta ya mpweya yong'ambika, kapena ikanakhala ndi dzimbiri kunsi ngati zina zochokera kumadera a chipale chofewa ku Japan kumene amathira mchere m'misewu. Makilomita 212,000 a pa M1 ndi makilomita 212,000 a ku Mchesi ndi ku Kawale sakalambitsa galimoto mofanana.

Pali chinthu chimodzi chomwe yoyera idzaluza nacho mosakayikira, ndipo ndinawauza asanasaine: tsiku lodzaigulitsa. Wogula wotsatira adzayang'ananso pa dashibodi, adzaona 260,000 kapena kuposa, ndipo adzatsitsa mtengo kaya envulopu ya malisiti ndi yonenepa bwanji. Kwa munthu wogula kuti agulitse chaka chamawa, imeneyi ndi mfundo yolemera. Mayiwa amafuna yoti akhale nayo mpaka ngongole ithe ndi kupitirira, ndiye kwa iwo sinalemere kwambiri.

Anagula yoyera, atatsitsako mtengo pogwiritsa ntchito pepala la zokonza lija. Tinamanga mashoko, mabushi, beyaring'i ndi mawunting'i sabata yomweyo, tinasintha mafuta a mabuleki chifukwa pa malisiti sanaoneke kwa zaka zoposa ziwiri, n'kuthira malita 3.7 a oyilo wa 5W-30 ndi fyuluta yatsopano kuti kuwerenga kuyambire pa tsiku lodziwika. Galimoto inadutsa COF popanda vuto. Itabwera ku sevisi yachiwiri, oyilo anali atatsika ndi pafupifupi theka la lita monga ananenera mwini wake wakale, ndipo giyabokosi inali isanasinthe khalidwe.

Popeza maulendo awo a tsiku ndi tsiku ndi aafupi kuposa a bambo uja, tinagwirizana kuti oyilo azisinthidwa pa makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chomwe chayamba kukwana, osadikira mita. Mafuta a CVT tidzasintha pa 230,000. Ndinawapemphanso kuti mwezi ndi mwezi aziika padera kandalama kolunjika ku giyabokosi, ndipo akangomva kunjenjemera ponyamuka kapena kulira kwa mluzu kokwera limodzi ndi liwiro, abwere nayo tsiku lomwelo asanapite nayo ku Kasungu.